Kufananiza Mafoda Awiri Musanawaphatikize

"Ndili ndi mafoda awiri a ntchito imodzi, wina pa kompyuta, wina pa fulashi. Ndingadziwe bwanji mafayilo amene akusiyana ndisanawaphatikize?"

Pakufunika teminolo ya Linux kapena macOS, yomwe ndi pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, komanso malo okwanira osungapo kope la mafoda onsewo. Pano tiwatchula `ntchito` ndi `fulashi`.

1. Koperani mafoda onse awiri pamalo ena amodzi musanakhudze chilichonse.

2. Mu teminolo, lowani pamalo pamene mwakopera mafodawo, ndipo lembani lamulo ili, limene silisintha kanthu:

```
diff -rq ntchito fulashi
```

Chilembo `r` chimachititsa kuti lamuloli lifufuzenso m'mafoda a m'kati, pamene `q` chimalichititsa kutchula mayina okha.

3. Werengani zimene zatuluka. Mzere woyamba ndi `Only in` ukusonyeza fayilo imene ili mbali imodzi yokha. Ganizani kaye ngati simunaifufute dala mbali inayo. Mzere wothera ndi `differ` ukusonyeza mafayilo a dzina limodzi koma a zam'kati zosiyana.

4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amangosankha fayilo ya deti laposachedwa, chikhalirecho kukopera kumatha kusintha detilo, ndipo mwina mbali zonse ziwiri zinakonzedwa. Ngati ndi fayilo ya mawu okhaokha, onani mizere yosiyanayo:

```
diff -u ntchito/lipoti.txt fulashi/lipoti.txt
```

Mizere ya `-` ili mu `ntchito`, ya `+` ili mu `fulashi`. Mafayilo a `.docx` ndi zithunzi muwatsegule nokha.

5. Ngati mukufuna kusunga mafayilo onse awiri, sinthani dzina la imodzi, kenako phatikizani.