Intaneti itakana kutseguka kompyuta itangodzikonza

Laputopu ya pa shopu yathu yosindikiza mapepala ku Salima, pafupi ndi depoti, inangomaliza apudeti ya Windows basi masamba onse kukana kutseguka. Wi-Fi ikuonetsa kuti yalumikizika, foni ikuyenda bwinobwino pa rauta yomweyo.

Kuti ndione ngati laputopu ikufika pa intaneti, ndinalemba izi mu Command Prompt, windo lolembamo malamulo mu Windows:

```
ping 8.8.8.8
```

Mayankho anabwera, ndiye netiweki inalipo. China chake mkati mwa makina chimatchinga. Ndinaganizira antivairasi. Ndinatseka maimelo ndi zotsitsa zonse, kenako nkuzimitsa chitetezo chake cha pa intaneti chokha kwa mphindi 10, fayawo ya Windows, yomwe imatchinga zolowa zosaloledwa pa netiweki, osaikhudza. Tsamba lodziwika linatseguka pompo. Ndinayatsanso msanga, ndikutsitsa apudeti ya antivairasiyo, kuyambitsanso laputopu. Zinatheka.

Anzanga ena amangochotseratu antivairasi. Pa shopu pomwe mafulashi a makasitomala amalowa tsiku lonse, ine ayi.