Kuyika ndalama kamodzi kapena pang'onopang'ono m'masheya

Ngati muli ndi ndalama zambiri pakamodzi, tinene 1,200, kaŵirikaŵiri kugula masheya nthaŵi imodzi kumapindulitsa kuposa kumagula a 100 mwezi uliwonse. Chifukwa chake n'choti mitengo ya masheya imakonda kukwera pakapita zaka, ndiye ndalama zodikirirazo zimangokhala osabereka.

Kugula pang'onopang'ono kumathandiza mitengo ikamagwa. Taonani: muli ndi 300 ndipo sheya ili pa 10. Mukagula kamodzi mupeza masheya 30. Koma mukamagula a 100 pamwezi, mtengo n'kuyenda 10, 5, 10, mupeza 10, kenako 20, kenako 10, onse pamodzi 40. Mtengo ukayenda 10, 20, 25, mupeza 19 okha, wogula kamodzi uja ali ndi 30 ake.

Chimene ambiri saŵerengera ndi ndalama yolipira wokugulirani. Ngati amadula 2 pa kugula kulikonse, kugula ka 12 kukudyerani 24, kamodzi 2 basi. Zikatero ndi bwino kumagula pakatha miyezi itatu iliyonse.

Ngati mtima sungapirire kuona 1,200 itatsika kufika 900 mwezi woyamba, gaŵani ndithu, koma lemberanitu masiku ogulira ndipo musadumphe mwezi umene mitengo yagwa, poti ndi umene mumapeza masheya ambiri.