Atropini akaumitsa wodwala, musamutulutse msanga

Chiyambire kupopera mankhwala a mbozi m'chimanga ndi m'madimba a tomato chaka chino, ndaona cholakwa chimodzi chikubwerezedwa m'zipatala zing'onozing'ono zomwe ndimayendera. Munthu abwera atamwa kapena atakhudzidwa ndi mankhwala opopera, dovu lili chuchuchu, atadziipitsira, timwana ta m'maso tili ngati nsonga ya singano. Timubaya atropini. Pakutha pa ola wauma, m'mimba mwasiya kubwata, akuyankhula. Kutacha tilemba kuti wachira, apite kwawo. Ena mwa anthu amenewa akubwerera patatha masiku awiri atanyamulidwa pa njinga, akulephera kupuma, ndipo timayamba kufufuza chibayo chomwe kulibe.

Gwero la cholakwachi ndi loti ambiri tinaloweza mankhwala onse okhudza asetilikolini, yemwe amanyamula uthenga wa mitsempha, ngati gulu limodzi: amachepetsa kamwana ka diso, amayendetsa matumbo, amafinya chikhodzodzo. Zimenezo nzoona, koma magulu alipo awiri, ndipo kusiyana kwake nkomwe kukupha anthu.

Gulu loyamba ndi la mankhwala omwe amakakhala okha pa cholandirira uthenga, m'malo mwa asetilikolini. Pilokapini ndi betanekolo ali m'gulu ili, ndipo amasankha zolandirira za mtundu wa masikariniki, zomwe zili m'diso, m'matumbo, m'chikhodzodzo, mumtima, m'njira za mpweya ndi m'malo otulutsa malovu ndi thukuta. Mukadontheza pilokapini wa 2 peresenti m'diso, mnofu wozungulira kamwana ka diso umakungika, kamwanako nkuchepa. Mnofu wina wa mkati umakoka nkutsekula njira yotulukira madzi a m'diso, nchifukwa chake amagwiritsidwa ntchito pa gulaukoma. Wodwala amadandaula kuti pachipumi pakuwawa, zakutali sizikuoneka bwino, ndipo madzulo kukumudera msanga. Betanekolo amachita zofanana ku chikhodzodzo: amafinya khoma lake kuti mkodzo utuluke kwa munthu yemwe chikhodzodzo chalefuka atachitidwa opaleshoni kapena atabereka. Mukamupatsa wambiri adzatsekula m'mimba, adzatuluka thukuta, mtima udzachedwa, koma miyendo ndi khosi zidzakhala ndi mphamvu zake. Atropini amathetsa zonsezo, chifukwa naye amakakhala pa zolandirira zomwezo za masikariniki nkutsekereza.

Gulu lachiwiri silikhudza cholandirira. Limagwira kolinesitalezi, yemwe ntchito yake ndi kuphwanya asetilikolini uthenga ukangoperekedwa. Iye akagwidwa, asetilikolini amaunjikana paliponse pomwe mtsempha umamutulutsa, osasankha. Diso, matumbo ndi chikhodzodzo zimachita monga zija, moti mukangoyang'ana zitatuzi simungasiyanitse magulu awiriwa. Koma asetilikolini amaunjikananso pomwe mtsempha umakumana ndi minofu yoyendera ndi yopumira, ndipo pamenepo zolandirira ndi za mtundu wina, wa nikotiniki. Poyamba minofu imanjenjemera pansi pa khungu, kenako imalefuka. Atropini alibe mphamvu iliyonse pamenepo, ngakhale mutabaya katoni yonse. Neositigimini ndi piridositigimini ali m'gulu ili. Mankhwala opopera a oganofosifeti, monga dayimethoweti, kolopirifosi ndi akiteliki wothira m'chimanga, alinso momwemu, pamodzi ndi a kabameti monga tameki uja anthu amagula mobisa kuti aphere makoswe.

Chomwe chimandinyansa nchoti phunziroli timaliona ndi maso ku fiyeta sabata iliyonse. Wogonetsa odwala akafuna kudzutsa minofu opaleshoni ikatha, amakoka neositigimini mamiligalamu 2.5 ndi atropini mamiligalamu 1.2. Munadzifunsapo chifukwa chake amaphatikiza? Akufuna neositigimini agwire ntchito pa minofu, koma sakufuna dovu, kupota kwa m'mimba ndi kuchedwa kwa mtima. Atropini amachotsa zosafunikazo nkusiya ntchito ya pa minofu ili chilili. Akanakhala kuti amafika ku minofu, kuphatikizako kukanakhala kuthira madzi pamoto womwe wakoleza wekha. Ndiye munthu yemweyo akatuluka ku fiyeta nkupita ku wodi, bwanji akhulupirire kuti atropini wachiritsa minofu ya mlimi?

Mwezi watha ndinacheza ndi bambo wina wolima tomato, yemwe anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Nozulo ya sipuleya inatsekeka, iye nkuiuzira ndi pakamwa monga amachitira anzake onse, kenako thanki inamudonthezera kumsana tsiku lonse, malaya omwewo osavula.

"Adokotala, poyamba ndinkayesa kwachita mitambo," anatero. "Dzuwa lili pamutu koma ine kukundidera. Ndikayang'ana phiri silikuoneka bwino, koma chikhatho changa ndikuchiona. Kenako m'mimba munayamba kupota, mkodzo nkumangotuluka wokha, ine munthu wamkulu."

Onani mmene anafotokozera bwino diso lake: kamwana kachepa, kuwala sikukulowa, ndipo mnofu wa mkati wakungika moti diso lakakamira pa zapafupi. Akazi ake anamumwetsa mkaka ndi mafuta ophikira, nkumulowetsa chala kukhosi. Chizolowezi chimenechi sindikudziwa tidzachithetsa liti. Mkaka suchotsa poizoniyu, ndipo mankhwala opoperawa amasungunulidwa m'zamafutamafuta zomwe zikalowa m'mapapo posanza zimawapsereza. Kuchipatala anamubaya atropini, nauma, nagona usiku umodzi, mmawa nkumutulutsa. Tsiku lachitatu anati:

"Mutu unkandilemera ngati si wanga. Kuti ndiudzutse pamphasa ndimachita kuugwira ndi manja. Phala limanditsamwa."

Anapulumuka chifukwa namwino wina anamuona akupuma mwapamwambamwamba, namupumitsa ndi chibaluni chamanja ulendo wonse mpaka ku chipatala chachikulu komwe kuli makina opumitsa. Tomato wake yense anaolera m'dimba, ndipo mbuzi ziwiri zinapita pa zoyendera ndi zakudya za omudikirira.

Kulefuka kotereku kumabwera kawirikawiri pakati pa maola 24 ndi 96 munthu atakhudzidwa ndi oganofosifeti, nthawi yomwe dovu ndi kutsekula m'mimba zatha kale. Kumayambira m'khosi, m'mapewa, m'minofu yomezera ndi ya kumaso, kenako kumatsikira ku minofu yopumira. Chifukwa chake nchoti oganofosifeti amamatirira pa kolinesitalezi kwa masiku, ena mpaka thupi litapanga watsopano, ndipo ena amabisala m'mafuta a m'thupi nkumatuluka pang'onopang'ono. A kabameti amamasuka okha, kawirikawiri pasanathe masiku awiri, ngakhale tameki amatha kupha munthu m'maola oyambirira omwewo. Koma achibale akabwera opanda botolo, nkungoti "wamwa mankhwala a mbozi," mudziwa bwanji kuti ndi gulu liti? Mumutenge ngati wa oganofosifeti.

Kuyeza kulefuka kwa minofuku sikufuna chipangizo. Wodwala ali chigonere chagada, muuzeni adzutse mutu pa bedi, inu muike dzanja pachipumi nkukankha pang'ono. Akalephera kuudzutsa kapena kulimbana ndi dzanja lanulo, kupuma kuli pafupi kulefuka, mutumizeni komwe kuli makina nthawi yomweyo akadali kuyankhula. Chitani zimenezi maola anayi kapena asanu ndi limodzi alionse, ndipo lembani pa fayilo. Ndimapeza mafayilo olembedwa kukula kwa timwana ta m'maso ola lililonse, koma za khosi palibe ndi mzere umodzi womwe.

Diso lomweli likutisocheretsanso mbali ina. Ena amapitiriza kubaya atropini kudikira kuti kamwana ka diso katsekuke kwambiri. Diso limachedwa kusintha, ndipo ngati mankhwala anathovokera m'maso, kamwanako kangakhale kakang'ono masiku angapo thupi lonse litauma kale. Mukamathamangitsa diso mudzapeza wodwala watentha thupi, wabalalika mutu, m'mimba muli zii, chikhodzodzo chadzaza mpaka pamchombo mkodzo osatuluka. Pamenepo mwatembenuza zinthu: matumbo ndi chikhodzodzo zomwe zinkathamanga mwaziimitsiratu. Imitsani atropini kwa kanthawi, ikani katheta, muyambirenso ndi mlingo wocheperako. Chomwe tikufuna ndi chifuwa chopanda phokoso la madzi, m'khwapa mouma, mtima wogunda kopitirira 80 pa mphindi, ndi nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi yopitirira 80.

Za kabayidwe ka atropini mukuzidziwa, koma poti ena akubayabe kabotolo kamodzi nkudikira theka la ola, ndinene mwachidule. Wamkulu yambani ndi timabotolo tiwiri ta mamiligalamu 0.6 pamtsempha, ndiye mamiligalamu 1.2. Pakatha mphindi zisanu chifuwa chikadali chonyowa, bayani 2.4, kenako 4.8, kenako 9.6. Akaumira pamenepo ndiye kuti walandira mamiligalamu 18, timabotolo 30, ndipo musadabwe nazo. Kenako mu diripi muzimupatsa gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a 18 ameneyo pa ola, kutanthauza pakati pa 1.8 ndi 3.6, mukuchepetsa malinga ndi mmene akuonekera. Muvuleni zovala, mumusambitse ndi sopo, inu mutavala magolovesi. Mugonekeni chammbali, mpatseni okosijeni. Puralidokisimi, komwe alipo, amathandiza kumasula kolinesitalezi akaperekedwa msanga, koma asakupangitseni kusiya kuyeza khosi. Yemwe anafunika atropini wambiri asatuluke mpaka atakhala tsiku lathunthu wopanda atropini, khosi lili lolimba, ndipo achibale auzidwe kuti mutu ukayamba kulemera kapena akamatsamwa abwerere usiku womwewo. Ngati anamwa dala, pezani womukhalira pansi nkucheza naye asanapite, ndipo botolo lotsala lichoke m'nyumbamo.

Ndikanaiwala: betanekolo kapena neositigimini musapereke kwa agogo omwe mkodzo watsekeka chifukwa cha pulositeti, kapena kwa yemwe mukuganiza kuti matumbo apotana. Kufinya chikhodzodzo kapena thumbo lomwe kutsogolo kwatsekeka kungaliphulitse. Wa mkodzoyo muikeni katheta, wa matumboyo mutumizeni kwa a opaleshoni.