Alimi, lekani kugula mafolowa pa Facebook

Nyengo ino yogulitsa zokolola, alimi ambiri otsatsa malonda pa Facebook akutumiza ndalama pa foni kwa anyamata olonjeza mafolowa masauzande usiku umodzi. Nambala imakweradi. Koma ndi angati mwa mafolowa amenewa anaimbapo foni kufunsa mtengo wa soya?

Mukaika positi, Facebook siionetsa kwa onse okutsatirani. Imasankha ochepa, n'kuona ngati anthu akuima pa positiyo, kulemba komenti kapena kuitumiza kwa anzawo. Akatero, imafika kwa ambiri. Akakhala chete, imafera pomwepo. Tsono akaunti yogula silankhula, sifunsa, sigula. Ili ngati mchenga m'thumba la feteleza: thumba lalemera, koma chimanga chikhalabe chachikasu.

Mlimi wina wa nkhuku za mazira anali ndi mafolowa pafupifupi 400, ambiri a m'boma lake lomwe, ndipo akangolemba kuti mazira alipo, matileyi ankatha tsiku lomwelo. Anagula mafolowa 5,000. Werengani nokha: pa mafolowa 100 alionse, makasitomala enieni anatsala 7 okha. "Peji yakula koma foni yasiya kulira," anandidandaulira. Kenaka analipira Boost post, njira yolipira Facebook kuti positi ifike kwa anthu ambiri, n'kusankha kuti positi ipite kwa okonda peji yake, ndalama n'kuthera pa akaunti zopanda eni. Kulipira kawiri chinthu chokupweteka!

Khalidwe lofuna kuoneka wamkulu pamaso pa anzathu latikanirira ndithu. Wogula wochenjera, kaya ndi wa lesitilanti kaya wa golosale, amaona peji ya mafolowa 5,400 yokhala ndi malaiki 6 pa positi, n'kudziwa kuti pali chinyengo. Ngati mwanama pa nambala, akukhulupirirani bwanji pa sikelo? Komanso kugula mafolowa n'kosemphana ndi malamulo a Facebook. Kampaniyi imatseka akaunti zabodza mamiliyoni ambirimbiri chaka chilichonse, choncho nambala munagulayo imatsika yokha, ndipo peji ikhoza kulangidwa.

Kuzindikira akaunti zabodzazi sikovuta. Tsegulani akauntiyo: chithunzi n'chimodzi chokha kapena palibiretu, yatsegulidwa posachedwa, ilibe mapositi akeake, koma yalaika mapeji ambirimbiri osagwirizana. Komenti zake ndi timaluwa kapena mawu awiri achingerezi obwerezabwereza. Lowani pa Professional dashboard, gawo loonetsa mmene peji yanu ikuyendera, muone mizinda imene mafolowa anu ali. Ngati mumagulitsa tomato ku Ntcheu koma mzinda wotsogola ndi Dhaka wa ku Bangladesh kapena Cairo wa ku Egypt, mwadziwa kale. Peji ya munthu wina ioneni pa Page transparency, pamene pamaoneka tsiku imene inatsegulidwa ndi maina amene yasinthapo.

Amene munagula kale, ziblokeni akauntizo pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo polipira Boost post muzisankha anthu a m'dera lanu. Pasiwedi ya akaunti yanu ya Facebook musampatse wogulitsa mafolowa. Ngati munampatsa, isintheni lero.