Ketulo ndi Mayikulowevu Zikuzimitsa Magetsi

"Ndikayatsa ketulo ndi mayikulowevu nthawi imodzi, buleka imagwa. Nditani?"

Choyamba, werengani mawati olembedwa pansi pa ketulo ndi kumbuyo kwa mayikulowevu. Tinene ketulo ndi 2200 W, inayo 1400 W: zonse 3600 W. Gawani ndi mavoti a nyumba yanu; ngati ndi 230, mupeza pafupifupi maampu 16. Tsopano onani nambala ya pa buleka. Ngati ndi 16 A ndipo firiji ili pamzere womwewo, mwina mwadutsa kale malire, ndipo ikhoza kugwa pakapita kanthawi.

Kusintha soketi sikuthandiza ngati zonse zikudyera waya mmodzi. Zimitsani bulekayo muone masoketi amene afa, kenako samutsirani ketulo pa soketi yomwe ikadali ndi moto.

Musayerekeze kuika buleka yaikulu! Buleka yomwe ilipoyo imateteza waya wa m'khoma kuti asapse. Soketi ikamatentha kapena kununkha, itanani katswiri wa zamagetsi.