Chiwongolero chikunjenjemera pa sipidi? Yambani chonchi musanalipire kugalaja

Ngati chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukafika pa 80 kapena 100 mumsewu wopita ku Liwonde kapena ku Monkey Bay, olakwa amakhala atatu: tayala lopanda balansi, limu yopindika, kapena zitsulo zakumiyendo zomwe zatha. Zonsezi mungathe kuzisiyanitsa nokha pakhomo ndi jeke ndi choko.

Choyamba mvetserani galimoto. Vuto la balansi lili ndi sipidi yake. Mutauni galimoto imayenda bwinobwino, pa 80 mpaka 110 manja amachita dzanzi, mukachepetsa liwiro zatha. Limu yopindika kapena tayala lotupa zimamveka ngakhale pa 30, chiwongolero chikumagwedera uku ndi uku molingana ndi kuzungulira kwa tayala. Zakumiyendo zilibe sipidi imodzi, zimadzuka mukagunda dzenje ndipo zimabwera ndi phokoso la gogogo. Ngati kunjenjemerako kumabwera pokhapokha mwaponda mabuleki, amenewo ndi madisiki, nkhani ina.

Kenako mangani manati onse, onani mpweya, ndipo tsukani mkati mwa malimu. Matope amene amauma m'menemo mukayenda m'misewu yafumbi nthawi yamvula amakwana kusokoneza balansi. Onaninso ngati timitovu tija amamata kapena kukhomera m'mphepete mwa limu tikadalipo. Kamodzi kakathothoka pamatsala chizindikiro.

Tsopano limu, ndipo apa musathamange, chifukwa ine mpamene ndalama zanga zinapita. Nditagunda dzenje usiku ndikuchokera ku Namwera, ndinapita kwa ena a matayala. Anakweza tayala pamakina, makina anapempha magalamu oposa 80 mbali imodzi, iwo n'kungokhomerera mitovu mzere wonse. Makina analemba ziro, ndinalipira, koma pamsewu chiwongolero chinali chimodzimodzi. Limu inali yopindika chamkati, mbali imene simuiona galimoto itaima. Balansi imangolinganiza kulemera, singawongole chinthu chimene sichikuzungulira mowongoka.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Imikani pamalo osalala, tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, kwezani kutsogolo ndipo ikani chitsulo chochirikiza, osadalira jeke yekha. Ikani njerwa pafupi ndi tayala, gwirani choko pamwamba pake kuti nsonga yake itsale pang'ono kukhudza mlomo wa limu. Zungulitsani tayala pang'onopang'ono ndi dzanja. Limu yabwino imasiya mpata wofanana mzungulire wonse. Choko chikakhudza penapake n'kutalikira penapake ndi mamilimita 2 kapena kuposa, papindika pamenepo. Chitaninso chimodzimodzi kumlomo wamkati, umene umapindika kawirikawiri. Kenako lozetsani choko pamapazi a tayala. Limu ikakhala yowongoka koma tayala likudumpha, kawirikawiri ndiye kuti mawaya amkati aduka, ndipo zikatero tayalalo latha ntchito ndipo lingaphulike pakutentha kwa kuno. Matayala akaunjika amachita zimenezi kwambiri, ndipo ogulitsa ena amawapaka polishi kuti aoneke atsopano. Yendetsani chikhatho pamwamba ponse musanagule.

Mukafuna chitsimikizo, sinthani matayala, akutsogolo apite kumbuyo mbali yomweyo. Kunjenjemera kukachoka m'manja n'kupita kumpando, vuto lili patayala kapena limu. Kukatsala m'chiwongolero, yang'anani kumiyendo. Limu yachitsulo amisiri amatha kuiwongola pamtengo wochepa, koma ya aluminiyamu ikang'aluka ine sindingaiwotcherere, ndi bwino kupeza ina.

Galimoto ili m'mwamba, gwirani tayala kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza. Likamasewera, ndi tayirodi endi kapena rakiendi. Gwiraninso pamwamba ndi pansi. Kusewera kwa apa ndi bolojointi kapena belingi, ndipo belingi imalira huu mukamayenda. Wina azigwedeza, inu muzisuzumira kumbuyo kwa tayala kuti muone chimene chikusuntha. Mabushi ong'aluka amaoneka ndi maso. Tayala lodyeka maenjemaenje likuloza mashoki.

Dziwani kuti zitsulo zakutha kawirikawiri zimangokuza kunjenjemera kumene kwayambira patayala, choncho nthawi zina mavuto amakhala awiri. Makaniko akayamba kutchula mndandanda wa zosintha, muuzeni akuonetseni chitsulo chimene chikugwedera. Masipeya otchipitsitsa opanda dzina pabokosi sachedwa kutha m'misewu yathuyi.

Konzani zakumiyendo, wongolani kapena sinthani limu, kenako balansi, alayinimenti pamapeto. Popanga balansi imani pafupi muone tayala likuzungulira, ndipo makina akapempha magalamu oposa 60 mbali imodzi auzeni aone kaye limu ndi momwe tayala lakhalira.