Thumba la makolo lisadye penshoni yanu

M'mabanja ambiri, mwana mmodzi wa patauni ndiye amasenza zonse. Foni ikalira kuti mayi awagoneka m'chipatala, amathamangira katapila, kapena akasiya ntchito amakatenga ndalama za penshoni n'kuzithera pa matenda. Malangizo anga ndi akuti ana onse mukhale pansi makolo akadali ndi mphamvu, iwonso alipo, muwerengere limodzi zimene zimafunika pamwezi.

Tiyerekeze mayi a zaka 74 amene ali kumudzi ndipo amadwala kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala cha boma mankhwala ndi aulere, koma nthawi zina amatha, ndiye ikani padera K25,000 yokagulira kufamase. Ulendo wa kuchipatala ndi wowaperekeza, K15,000. Ndiwo, sopo, mchere ndi chigayo, K40,000. Zonse ndi K80,000. Muwonjezere K20,000 ya zadzidzidzi, yomwe isamakhudzidwe mpaka matenda aakulu atagwa. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu mulembe ya kwanuko.

K100,000 imeneyi musaigawe mofanana. Wolandira K400,000 pamwezi apereke K40,000, wa geni K35,000, winayo K25,000. Mlongo wanu amene amakhala ndi mayiwo, kuwatungira madzi ndi kuwachapira, wasonkha kale ndi manja ake. Musamupemphe ndalama, ndipo ikafika nthawi ya feteleza mukumbukire munda wake, chifukwa nayenso adzakalamba ndipo alibe penshoni. Apa m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa, ndipo zimandiwawa.

Ndalamazo zizipita pa nambala imodzi ya Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwe mwagwirizana, ndipo wosungayo azilemba m'kope chilichonse chimene chatuluka. Chimanga muzigula mu Meyi kapena Juni chikadali chotsika mtengo, osadikira Januwale.

Tsono za ukalamba wanu. Lamulo la penshoni m'Malawi muno limati wantchito azisonkha zosachepera 5 peresenti ya malipiro ake, bwana 10 peresenti. Pa K400,000 ija, ndiye kuti K60,000 ikulowa m'thumba lanu la penshoni mwezi uliwonse. Funsani sitetimenti chaka chilichonse, poti alipo mabwana amene amadula ndalama koma osazipereka kukampani ya penshoni. Mukasintha ntchito, ndalamazo zisiyeni zizichuluka. Ngati simuli pantchito yolembedwa, sungani ku SACCO tsiku lomwelo mukutumiza za makolo, ngakhale zikhale zochepa. Banki m'khonde ndi yabwino pa geni, koma poti imagawidwa chaka chikatha, sisunga za ukalamba.

Mukaona kuti mwabwereka miyezi iwiri yotsatizana kuti mutumize kumudzi, kapena mwasiya kusunga zanu, dziwani kuti gawo lanu lakula kuposa mphamvu zanu. Musabise. Itanani abale anu, mutsegule kope lija, mugawanenso.